Peyisilipi, foni ya abwana ndi chiphaso: kodi mwininyumba afunse mpaka pati?

Kwa zaka zambiri, nkhani ya nyumba ya lendi ku Chilinde, ku Ndirande kapena ku Chibavi inkathera pakhonde. Mwininyumba ankafunsa komwe munthu amagwira ntchito, kuchuluka kwa anthu odzagona m'nyumbamo, ndiponso ngati ya miyezi itatu ili m'thumba. Ikakhalapo, makiyi ankaperekedwa tsiku lomwelo. M'madera ambiri zikadali choncho, koma nyumba ikakhala ya mumpanda, ya matailosi ndi mita yakeyake, masiku ano pamabweranso pempho lina: tibweretsereni peyisilipi, nambala ya kuntchito kwanu ndi fotokope ya chiphaso.

Pempholi lili ndi chifukwa chake. Ndalama ya miyezi itatu imangosonyeza kuti munthu anali nayo tsiku limene ankalowa, mwina atabwereka kwa mlamu wake kapena kwa wakatapila. Za mwezi wachinayi sinena kanthu. Ndipo kutulutsa munthu amene wasiya kulipira si ntchito ya tsiku limodzi, chifukwa kuzula chitseko kapena kumutayira katundu panja kungamuike mwininyumba yemweyo pa mlandu. Pofika pamene nkhani yadutsa m'makalata a chenjezo n'kukafika kubwalo la milandu, miyezi imakhala itapita, madzi ndi magetsi zili pa ngongole.

Koma wofuna nyumba naye ali ndi pomwe pakumuwawa. Peyisilipi imanena zambiri zoposa malipiro. Imaonetsa ngongole ya ku banki, ndalama ya bungwe la apantchito, sikimu ya chipatala, ndipo nthawi zina ngakhale ndalama imene bwalo linalamula kuti izidulidwa yothandizira mwana amene ali kwa mayi ake. Anthu ambiri sanaonetsepo pepalali ngakhale kwa akazi awo kapena amuna awo. Kulipereka kwa munthu amene wangomudziwa Loweruka lapitali, amenenso mwina amakhala nyumba yayikulu pa poloti lomwelo ndipo amapemphera mpingo umodzi ndi anzake a kuntchito, si nkhani yaing'ono.

Chimene chimalekanitsa kufufuza ndi kulowerera n'chosavuta kuchigwira. Mwininyumba ali ndi mafunso atatu okha amene ali oyenera kuwapezera mayankho: kodi munthuyu ndi yemweyo amene akunena kuti ndiye, kodi ndalama imalowadi mwezi ndi mwezi, ndipo kodi yotsala ikukwanira lendi. Chiphaso chimayankha loyamba, kuntchito kumayankha lachiwiri, peyisilipi imayankha lachitatu. Chilichonse chimene sichikuthandiza kuyankha limodzi mwa mafunso amenewa ndi chidwi chabe, ndipo chidwi ndicho chimathawitsa anthu abwino, amene nthawi zambiri amakhala ndi nyumba ina yoti akaone masana omwewo.

Nthawi yopempha

Ambiri amalakwitsa pa nthawi, osati pa chimene akupempha. Munthu wangoimba foni kufunsa ngati nyumba ikadalipo, yankho n'kukhala lakuti ayambe watumiza chiphaso ndi peyisilipi pa WhatsApp. Munthu wochenjera sangatumize, ndipo sakulakwa, chifukwa umu ndi mmene amachitira akathyali amene amajambula nyumba ya eni ake, n'kutolera ndalama yokaonera ndi mapepala a anthu, kenako foni n'kuthima. Mwininyumba weniweni akayamba ndi kupempha mapepala amadzifananitsa yekha ndi anthu amenewa.

Ndondomeko yabwino imayamba ndi kuonetsa nyumba. Munthu alowe, atsegule mpopi, aone mita, amve lendi ndi dipoziti. Akanena kuti waikonda, apo ndiye mapepala amabwera. Koma mawu akuti mapepala adzafunika ayenera kumveka kuyambira pachiyambi, pa chikwangwani kapena pa foni yoyamba, kuti asadzaoneke ngati atulukira mwininyumba ataona nkhope, zovala kapena atamva kalankhulidwe ka munthuyo. Ndipo mndandanda ukhale umodzi kwa aliyense. Wobwera pa galimoto akapatsidwa makiyi popanda funso, pamene wobwera pa kabaza akuuzidwa kuti abweretse mapeyisilipi asanu ndi limodzi, nkhani imamveka msanga m'dera, ndipo anthu amaitcha dzina lake lenileni, tsankho.

Tiyerekeze mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo anamanga nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa yake ku Kawale. Lendi ndi K250,000 pa mwezi. Bambo wachinyamata amene amagwira ntchito ya mu ofesi pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira waiona ndipo waikonda. Mayiwo akhoza kuyamba chonchi: "Bambo, popeza nyumba mwaikonda, pali zinthu zitatu zimene ndimapempha aliyense wolowa muno. Ndione chiphaso chanu, ndione mapeyisilipi a miyezi itatu yapitayi, komanso mundiuze munthu wa kuntchito kwanu amene ndingamufunse ngati mumagwiradi kumeneko. Mapeyisilipiwo ndingoona, mubwerera nawo. Mizere imene simukufuna kuti ndione mukhoza kuiphimba, bola dzina, mwezi ndi ndalama imene mumatenga zioneke. Chiphaso changa nachi, inunso muone amene mukuchita naye pangano."

M'mawu ochepawa muli zinthu zingapo zimene zimachotsa ululu. Bamboyo wamva kuti si iye yekha amene akufunsidwa, wamva chimene chidzachitike ndi mapepala ake, ndipo wapatsidwa mphamvu yobisa zosakhudza lendi. Chomalizacho, choti mwininyumba aonetsenso chiphaso chake, anthu ambiri sachiganizira, koma wolowa m'nyumba ndiye akupereka K750,000 ya miyezi itatu, mwinanso ndi dipoziti pamwamba. Ali ndi chifukwa chokwanira chofunira kudziwa ngati dzina la pa chiphaso likugwirizana ndi la pa bilu ya madzi kapena pa mapepala a poloti.

Kuwerenga peyisilipi

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti wogwira ntchito azilandira, pamodzi ndi malipiro ake, pepala lofotokoza ndalama yonse, zimene zadulidwa ndi yotsala. Choncho munthu wolembedwa ntchito pa kampani yolongosoka sayenera kuvutika kulipeza. Vuto limakhala pa kuliwerenga, chifukwa maso a eni nyumba ambiri amathamangira pa nambala yaikulu ya pamwamba.

Pa peyisilipi ya bambo uja, tinene kuti nambala ya pamwamba ndi K900,000. Poiyerekeza ndi lendi ya K250,000, zikuoneka bwino kwambiri, chifukwa lendi sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma potsika m'munsi, msonkho wa PAYE watenga pafupifupi K210,000, penshoni yatenga K45,000, ngongole ya ku banki K180,000, ndipo ku SACCO kukupita K40,000. Yofika m'manja ndi K425,000. Akalipira lendi atsala ndi K175,000, yoti igule chakudya, magetsi, madzi, makala, minibasi ya tsiku ndi tsiku ndi fizi ya mwana. Lendi ikudya pafupifupi K59 pa K100 iliyonse imene amatenga. Munthu ameneyu sakunama chilichonse, ntchito ali nayo ndipo pepala ndi lenileni, koma pa malipiro okhawa mwezi wa fizi kapena wa maliro udzamupeza.

Eni nyumba ndi maejenti m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito muyezo wakuti lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama ya munthu. Si lamulo la boma, ndi chizolowezi chabe, ndipo m'mizinda ya kuno anthu ambiri amalipira kuposa pamenepo chaka ndi chaka osaphonya. Komabe muyezowu umathandiza kudziwa pamene pakufunika funso lina. Ndipo apa m'pamene ambiri amaterereka. Mayi uja ataona K180,000 ya ngongole, pakamwa pamayabwa kufunsa kuti ngongoleyo inali ya chiyani. Yankho lake silisintha masamu ngakhale pang'ono, kaya anagulira poloti kaya anaikira maliro. Chimene chingasinthe masamu ndi tsiku limene ngongoleyo idzathe, ndipo funso limeneli ndi lololeka. Ngati yatsala miyezi iwiri, ndiye kuti posachedwa yofika m'manja ikhala K605,000, ndipo nkhani yasintha.

Funso lina loyenera ndi lakuti, "Kodi pali ndalama ina imene mukufuna kuti tiiwerengere pamodzi ndi iyi?" Kafunsidwe kameneka kamasiya chitseko chotsegula popanda kufunsa ngati munthu ali pabanja, ngati akazi ake amagwira ntchito, kapena amene amamuthandiza ndi ndani. Bambo uja akhoza kuyankha yekha kuti mayi a kunyumba ali ndi saluni kumsika ndipo pa mwezi amatsala ndi pafupifupi K300,000. Zikatero ndalama ya banja ndi K725,000, ndipo lendi yatsikira pa K34 pa K100 iliyonse. Mayi mwininyumba akhoza kupempha umboni wa ndalama yachiwiriyo, popeza bamboyo waitchula yekha kuti iwerengedwe. Akanapanda kuitchula, sikukanakhala koyenera kuifukula.

Miyezi itatu ndi yokwanira. Peyisilipi imodzi ikhoza kunamiza, chifukwa mwina ndi ya Disembala imene ili ndi bonasi, kapena ya mwezi umene munthu anagwira maovataimu ambiri. Zitatu zimaonetsa ndalama ya masiku onse. Kupempha za chaka chathunthu sikuonjezera nzeru ina iliyonse, kumangoonjezera zimene mwininyumba akudziwa za moyo wa mnzake.

Mapeyisilipi abodza alipo, ndipo munthu wodziwa kompyuta sachedwa kupanga imodzi. Koma opanga ambiri amasintha nambala ya pamwamba ndi ya pansi n'kuiwala zapakati. Choncho choyamba ndi kutenga foni n'kuchotsera zodulidwa zonse pa ndalama ya pamwamba kuti muone ngati yotsala ikugwirizana ndi yolembedwa. Chachiwiri ndi penshoni. Lamulo limati wogwira ntchito azipereka K5 pa K100 iliyonse, kapena kuposa, pamene bwana amaikapo K10 kapena kuposa. Pa malipiro a K900,000, mzere wa penshoni ukamaonetsa K17,500, pali mpata waukulu wakuti pepalalo linali la munthu wolandira K350,000. Sikuti ndi umboni wokwanira, chifukwa makampani ena amawerengera penshoni pa malipiro enieni okha osaphatikiza maalawansi, koma ndi chifukwa chabwino chofunsira. Msonkho nawo umaulula: wochepa kwambiri pa malipiro aakulu, kapena wofanana ndendende m'miyezi imene malipiro asintha. Ndipo ngati kukayika kukadalipo, sipafunika sitetimenti yonse ya ku banki. Munthuyo akhoza kungoonetsa pa foni yake uthenga wa banki wa tsiku limene malipiro analowa. Ndalama ya mu uthengawo iyenera kufanana ndi ya pansi pa peyisilipi.

Sitetimenti ya ku banki ndiyo yofunika kusamala nayo kuposa pepala lina lililonse. Imaonetsa kumene munthu amamwera, chipatala chimene amapita, masewero a mwayi amene amabetcha ndi dzina la amene amamutumizira ndalama pa 25 paliponse. Mwininyumba amangofunika mbali ya ndalama zolowa.

Nanga amene alibe peyisilipi? Amenewa ndiwo ambiri m'dziko muno: a geni, a kaunjika, amisiri, oyendetsa minibasi, alimi a fodya amene ndalama yawo imabwera kamodzi pa chaka. Kukakamira peyisilipi kwa mayi wa golosale kuli ngati kufunsa msodzi wa ku Nkhotakota lisiti ya chambo chimene wakoka yekha. Funso silisintha, chimasintha ndi pepala. Ndalama zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba m'miyezi itatu, layisensi ya bizinesi ya ku khonsolo, malisiti a lendi a kumene akuchokera, zonsezi zimayankha. Malisiti a lendi mwina ndiwo umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, chifukwa amaonetsa khalidwe lenileni limene mwininyumba akufuna kulidziwa. Munthu amene wakhala akulipira K220,000 pa nthawi yake kwa zaka ziwiri sakufunika kufotokoza zambiri kuti akhulupiridwe pa K250,000. Kwa wophunzira wa pa koleji kapena amene wangoyamba ntchito, njira ndi kupeza womuimira, kholo kapena m'bale amene angasainire kuti zikavuta adzalipira, ndipo mafunso a ndalama amapita kwa womuimirayo.

Foni ya kuntchito

Pa zitatu zija, iyi ndi imene anthu amaiopa kwambiri, chifukwa ikhoza kuwononga mbiri ya munthu pamalo pamene amapezera nsima. Choyamba ndi chilolezo. Mwininyumba asaimbe kuntchito kwa munthu mwakabisira, ngakhale atakhala kuti mphwake amagwira komweko. Wofuna nyumba adziwe kuti kuimbidwa foni, atchule woti afunsidwe, ndipo apatsidwe tsiku limodzi kuti akawauze okha abwana ake kapena a ofesi yoona za ogwira ntchito. Ndi bwino chilolezocho chilembedwe, ngakhale mzere umodzi wosainidwa kapena uthenga wa pa foni, chifukwa ofesi yolongosoka siyankha za wantchito wake kwa munthu wachilendo popanda umboni wakuti mwiniwake wavomera.

Apa pali kamsampha. Nambala ya foni ya m'manja imene wofuna nyumba wapereka ikhoza kukhala ya mnzake amene wauzidwa kuti ayankhe ngati bwana. Njira yozembera msamphawu popanda kunyoza munthu ndi kutenga dzina la woti afunsidwe kwa wofuna nyumbayo, koma nambala n'kuipeza pawekha, pa chikwangwani cha kampani, pa tsamba lake la pa intaneti kapena pa lisiti yake, n'kupempha kuti akulumikizeni ndi munthu wotchulidwayo. Ngati ndi sukulu kapena chipatala cha m'dera lomwelo, kupita ndi mapazi kumatha nkhani msanga. Ndipo izi zinenedwe poyera: "Ndidzaimba pa nambala ya ofesi, ndi mmene ndimachitira ndi aliyense." Munthu woona sadandaula nazo. Wabodza nthawi zambiri amasowa yekha tsiku lisanathe.

Pa foniyo, mayi wa ku Kawale uja anene dzina lawo, anene kuti bambo wakutiwakuti akufuna kulowa m'nyumba yawo ndipo wavomera kuti afunse, kenako afunse ziwiri zokha: kodi amagwiradi ntchito kumeneko, ndipo ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti imene ili ndi tsiku lothera. Funso lachiwirili ndi lofunika kwambiri mumzinda ngati Lilongwe, mmene anthu ambiri amagwira m'mabungwe oyendera mapulojekiti. Munthu akhoza kukhala ndi malipiro abwino koma kontirakiti yake ikutha miyezi inayi ikubwerayi, ndipo zikatero pangano la nyumba la miyezi isanu ndi umodzi, loti n'kuonjezera, limateteza onse awiri kuposa la chaka.

Za malipiro asafunse pa foni. Peyisilipi yayankha kale, ndipo a ofesi akakana kutchula ndalama ndiye kuti akugwira bwino ntchito yawo, sichizindikiro chakuti pali chobisika. Mafunso ngati akuti amamwa, amajomba, ali ndi milandu, kapena mukuona ngati atha chaka, amasiya chithunzi choipa m'mutu mwa bwana ngakhale yankho litakhala lakuti ayi. Mayiwo asatchulenso kuchuluka kwa lendi. Bwana akamva kuti kalaliki wake akulowa nyumba ya K250,000 akhoza kuyamba kudzifunsa kumene ndalamayo ikuchokera, osadziwa za saluni ija.

Ena safuna n'komwe kuti kuntchito kudziwe kuti akusamuka, mwina chifukwa banja likutha kapena akuthawa nkhanza kunyumba. Kwa otere, kalata ya kuntchito yochitira umboni kuti ndi wantchito wawo, yonga imene mabanki amapempha, ikhoza kulowa m'malo mwa foni, chifukwa munthu amaipempha yekha popanda kufotokoza zambiri. Ndipo nambala ya kuntchito inaperekedwa pa ntchito imodzi yokha. Mwininyumba amene lendi ikachedwa masiku asanu amaimbira abwana a munthu kuti amuchititse manyazi waphwanya chimene anagwirizana, ndipo akudula nthambi imene wakhalira, chifukwa munthuyo akachotsedwa ntchito lendi ija siidzabweranso.

Chiphaso

Chiyambireni kalembera wamkulu wa 2017, pamene bungwe la NRB linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, chiphaso cha unzika chasanduka kiyi wa zinthu zambiri. Ndi chimene munthu amalembetsera nambala ya foni, kutsegulira akaunti ku banki ndi kutengera ngongole. N'chifukwa chake fotokope yake ikagwera m'manja olakwika imatha kubweretsa mavuto amene mwiniwake amadzawadziwa mochedwa.

Chimene mwininyumba akufunika ndi kuona chiphaso chenicheni, mwiniwake ali pomwepo, kuyerekeza nkhope ndi chithunzi, kuona ngati dzina likufanana ndi la pa peyisilipi, n'kulemba dzina ndi nambala ya chiphaso pa pangano la nyumba. Kwa nyumba zambiri zimenezi n'zokwanira. Dzina likasiyana, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chapafupi, monga mayi amene kuntchito amadziwika ndi dzina la amuna awo pamene chiphaso chili ndi la bambo awo, ndipo funso limodzi laulemu limathetsa nkhaniyo. Amene chiphaso chake chinatayika kapena chikukonzedwanso akhoza kuonetsa pasipoti kapena layisensi yoyendetsera galimoto. Kusunga chiphaso chenicheni cha munthu ngati chikole ndiye kosayenera n'komwe, chifukwa popanda icho munthuyo sangathe kuchita zambiri ku banki, kumene lendi yomweyo ikuchokera.

Ngati fotokope ikufunikadi, itengedwe kwa munthu amene wasankhidwa yekha, pa tsiku losainirana, osati kwa onse khumi amene anabwera kudzaona. Mwini chiphaso alembe modutsa pa fotokopeyo ndi bolopeni kuti ndi ya pangano la nyumba yakutiyakuti, aike tsiku ndi saini, kuti isakagwirenso ntchito kwina. Pepala ndi labwino kuposa chithunzi cha pa WhatsApp, chimene chimatsala mu foni imene adzukulu amaseweretsa ndipo tsiku lina idzagulitsidwa kapena kubedwa m'basi. Mapepala a amene sanapatsidwe nyumba abwezedwe kapena awotchedwe, ndipo a amene wakhalamo abwezedwe akatuluka, nkhani ya dipoziti ndi mabilu ikatha.

Maganizo amenewa ali ndi maziko m'malamulo. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino a 1994 imapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake. Lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024, limene woyang'anira wake ndi bungwe la MACRA, limayenda pa mfundo zomwezi: pakhale chifukwa chomveka chotengera uthengawo, utengedwe wokhawo wofunika pa chifukwacho, usungidwe mosamala, ndipo usasungidwe kupitirira nthawi imene ukufunika. Makampani oyendetsa nyumba za lendi, amene amasunga mafayilo a anthu mazanamazana, ndiwo oyamba kuyenera kulilabadira.

Amalawi amene anachitapo lendi kunja amadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Ku England, kuyambira pa 1 Febuluwale 2016, lamulo limakakamiza mwininyumba kutsimikiza kuti aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene adzakhale m'nyumbamo ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, kusunga umboni wake nthawi yonse ya pangano ndi chaka chimodzi pambuyo pake, ndipo wolephera amalipitsidwa chindapusa. Malangizo a boma kumeneko amanenetsa kuti afunsidwe onse, osati okhawo ooneka kapena olankhula ngati alendo. Maejenti ambiri kumeneko amafuna kuti malipiro a pa chaka akhale owirikiza ka 30 lendi ya pa mwezi. Ku South Africa, wofuna nyumba kudzera kwa ejenti amayembekezera kupereka mapeyisilipi, sitetimenti ya miyezi itatu ndi chiphaso kapena pasipoti, komanso kusainira chilolezo choti mbiri yake ya ngongole ifufuzidwe, ndipo lamulo la POPIA, limene linayamba kuluma kwathunthu pa 1 Julaye 2021, limayang'anira kasungidwe ka mapepalawo. Kumeneko mapepala ndi ambiri kuposa kuno, koma anthu sawamva kuwawa kwenikweni chifukwa amabwera pa fomu imodzi yofanana kwa aliyense, yonena chifukwa chake.

Kwathu kuno, kulowerera kwenikweni nthawi zambiri sikukhala pa mapepala koma pa macheza a pakhonde. "Kwanu n'kuti?" ndi funso la ulemu limene Mmalawi aliyense amafunsa mlendo, koma likabwera pakati pa kuona chiphaso ndi kupereka yankho la nyumba, womva amadziwa kuti mtundu wake ukuyezedwa. Chimodzimodzi "mumapemphera kuti?", kapena funso limene amayi osakwatiwa amalidziwa bwino, lakuti "nanga bambo ali kuti?", ngakhale peyisilipi yawo ili pa tebulo ndipo masamu akukwana. Ndime 20 ya malamulo aakulu aja imaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chilankhulo, kulumala, kukhala mwamuna kapena mkazi, kapena maganizo ake pa ndale. Mwininyumba amene nkhawa yake ndi phokoso, alendo ogona, kapena kuchuluka kwa anthu pa chimbudzi chimodzi ali ndi njira ina: afunse kuti m'nyumbamo mudzakhala anthu angati, popeza zimenezi zimakhudza madzi ndi kutha kwa nyumba, ndipo malamulo a pa poloti, monga nthawi yotseka geti ndi ya wailesi, awalembe m'pangano kuti amange aliyense wolowa mofanana.

Zonse zikaonedwa, yankho lisachedwe. Munthu amene waonetsa malipiro ake ndi kulola kuti kuntchito kwake kuimbidwe foni ayenera kumva mkati mwa masiku awiri kapena atatu. Ngati yankho ndi lakuti ayi, mayi wa ku Kawale uja anene mwachidule kuti pa masamu amene aona lendi ikhala yolemera, kapena kuti nyumba yapita kwa wina amene anabwera poyamba, abweze mapepala onse, ndipo za K180,000 ya ngongole ija asakazitchule kwa aneba kapena kwa ejenti amene anabweretsa bamboyo. Ngati yankho ndi lakuti inde, chimalowa m'fayilo ndi pangano losainidwa ndi onse awiri pamaso pa mboni, lokhala ndi mayina ndi manambala a ziphaso za onse awiri, lisiti ya ndalama yoyamba, ndi manambala a pa mita ya madzi ndi ya magetsi a tsiku lolowera.